Piritsi limodzi, mitengo itatu: ndalama yanu imapita kuti?

Munthu amene amupeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lija ambiri timangoti bipi, kawirikawiri amamulembera amlodipine wa 5 mg kuti azimwa piritsi limodzi tsiku lililonse. Awa si mankhwala omwa sabata imodzi n'kusiya ayi. Ambiri amamwa kwa zaka zambiri, ena moyo wawo wonse, ndipo aliyense wogula yekha satenga nthawi kuzindikira kuti mtengo wake sukhala umodzi. Famase ina imamupatsa kabokosi kolembedwa Norvasc pa mtengo wodula kwambiri. Ina imamupatsa kabokosi ka dzina lachilendo pa mtengo wapakatikati. Yachitatu imangotulutsa kabokosi koyera kolembedwa amlodipine basi, kotchipa moti mpaka munthu amayamba kukayikira ngati ali mankhwala enieni. Chosokoneza china n'chakuti ngakhale kabokosi kamodzimodziko, ka kampani imodzi, kamatha kusiyana mtengo m'mafamase awiri oyandikana.

Apa pali nkhani ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Ina ndi ya dzina limene lili pa kabokosi, ina ndi ya njira imene kabokosiko kadutsa kuchokera kufakitale mpaka kufika m'manja mwanu. Tiyambe ndi dzina.

Mankhwala aliwonse ali ndi dzina lawo lenileni, limene ndi dzina la chinthu chochiritsa chimene chili m'kati mwa piritsi. Mayina amenewa amakhazikitsidwa ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, ndipo madokotala ndi a m'mafamase a m'mayiko ambiri amawadziwa chimodzimodzi. Kenako kampani iliyonse imene ikupanga mankhwalawo ili ndi ufulu wowapatsa dzina lake la malonda. Amlodipine ndiye dzina lenileni, pamene Norvasc ndi dzina limene kampani ya Pfizer, yomwe inatulukira mankhwalawa, inawapatsa. Ndi momwemonso paracetamol ndi Panadol, metformin ndi Glucophage, ibuprofen ndi Brufen. Pa kabokosi dzina la malonda limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zokopa maso, koma mukayang'ana pansi pake mupeza dzina lenileni lija lili m'tizilembo tating'ono pamodzi ndi mphamvu yake. Tizilembo tating'onoto ndito tofunika kuwerenga.

Kampani ikatulukira mankhwala atsopano imalembetsa patenti, kutanthauza chilolezo chakuti iyo yokha ndiyo izipanga ndi kugulitsa mankhwalawo. Malinga ndi pangano la zamalonda la TRIPS, limene linayamba kugwira ntchito mu 1995, patenti imakhala zaka 20 kuyambira tsiku limene yalembetsedwa. Zaka zambiri mwa zimenezi zimathera mu kafukufuku, poyesa mankhwalawo mulabotale, pa nyama, kenako pa odwala ambirimbiri, ndipo mankhwala ochuluka amene amayesedwa amalephera asanafike pamsika. Akafika pamsika, kampani imaika mtengo woti ibweze zimene inaononga pa opambanawo ndi olephera omwe, kuonjezapo ndalama zotsatsira malonda ndi phindu. Tisabise, mtengowo sumangotsatira zimene kampani inaononga. Umatsatiranso zimene msika ungapirire, chifukwa palibe wina wopikisana naye.

Patenti ikatha, makampani ena amaloledwa kupanga mankhwala omwewo, ndipo amenewa ndiwo amatchedwa majeneriki. Wopanga jeneriki sabwereza kafukufuku uja wa odwala zikwizikwi, poti zinadziwika kale kuti amlodipine amatsitsa bipi. N'chifukwa chake angathe kugulitsa motchipa n'kupezabe phindu. Patenti ya Norvasc ku Amereka inatha mu 2007, ndipo lero amlodipine amapangidwa ndi makampani ambirimbiri ku India, ku Ulaya ndi kwina. Bungwe loyang'anira mankhwala ku Amereka la FDA linaunika m'mene mitengo imatsikira m'dzikolo, ndipo linapeza kuti pakabwera jeneriki mmodzi yekha, mtengo wake umakhala wotsika ndi pafupifupi 39 peresenti poyerekeza ndi wa kampani yoyamba ija. Opanga akafika asanu ndi mmodzi kapena kuposerapo, mtengo umagwa ndi 95 peresenti kapena kupitirira. Chimene chimagwetsa mtengo ndi kuchuluka kwa opikisana, osati kuchepa kwa mankhwala m'piritsi.

Mbiri ya ma ARV ikuonetsa bwino kukula kwa mpata umenewu. Cha m'ma 2000, mankhwala atatu ophatikiza amene munthu wa HIV ankafunika kumwa ankadya madola oposa 10,000 pa chaka. Mu 2001 kampani ya ku India ya Cipla inalengeza kuti igulitsa majeneriki a mankhwala otero kwa bungwe la madokotala la MSF pa madola 350 pa chaka, kosakwana dola imodzi pa tsiku. Anthu mamiliyoni ambiri amene ali moyo lero chifukwa cha ma ARV akumwa majeneriki. Ine ndikamva wina akunena kuti jeneriki ndi mankhwala a amphawi osagwira ntchito, ndimakumbuka anthu amenewa.

Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: timadziwa bwanji kuti jeneriki akugwira ntchito mofanana ndi woyamba uja? Wopanga jeneriki amayenera kuonetsa ku bungwe loyang'anira mankhwala kuti piritsi lake lili ndi chochiritsa chomwecho, pa mlingo womwewo, chomwedwa mwa njira yomweyo, ndiponso kuti chimalowa m'magazi mofanana. Poyesa kulowa m'magaziku amatenga anthu athanzi, nthawi zambiri pakati pa 24 ndi 36. Theka lawo limamwa piritsi la kampani yoyamba, theka linalo limamwa jeneriki, ndipo amawatenga magazi kangapo pa maola otsatira. Akadikira kuti mankhwala atheretu m'thupi, amasinthanitsa: amene anamwa jeneriki amamwa woyamba, enawo amamwa jeneriki. Motero munthu aliyense amayerekezedwa ndi iye mwini. Amayang'ana zinthu ziwiri, kuchuluka kwa mankhwala onse amene analowa m'magazi, ndi pamwamba penipeni pamene mlingo wake unafika.

Lamulo m'mayiko ambiri limati zotsatira za jeneriki zigwere pakati pa 80 ndi 125 peresenti ya zotsatira za woyamba. Manambala awiriwa asokoneza anthu ambiri, ngakhale ena a chipatala. Satanthauza kuti m'piritsi la jeneriki mungakhale mankhwala ochepa ndi 20 peresenti. Zimene zili m'piritsi zimayezedwa padera, ndipo malire ake ndi amodzimodzi kwa jeneriki ndi kwa woyamba. Malire a 80 ndi 125 amakhudza za m'magazi, ndipo chimene chiyenera kukwana m'kati mwake si avereji yokha, koma mpata wonse wa chikayiko umene masamu amaika mbali zonse ziwiri za averejiyo. Kuti mpata wonsewo ukwane, avereji iyenera kukhala pafupi kwambiri ndi 100. A FDA ataunika kafukufuku wotere woposa 2,000, anapeza kuti kusiyana kwenikweni kunali pafupifupi 4 peresenti. Kusiyana kotereku kumapezekanso pakati pa mabokosi awiri a kampani imodzi opangidwa nthawi zosiyana.

Zilipo zimene zimasiyanadi. Mamiligalamu asanu a amlodipine ndi kafumbi kochepa zedi, kosatheka kukagwira ndi zala, choncho mbali yaikulu ya piritsi ndi zodzazira ndi zomatira kuti likhale lolimba komanso lisungunuke bwino m'mimba. Zimenezi kampani iliyonse imasankha zake, ndiye chifukwa chake mtundu, kukula ndi maonekedwe a piritsi zimasintha. Mupezanso kabokosi kena kalembedwa amlodipine besilate, kena amlodipine maleate. Mawu achiwiriwo akungonena za mchere umene amlodipine wamangiriridwako kuti asungike. Ukasungunuka m'thupi, chogwira ntchito ndi amlodipine yemweyo wa 5 mg. Kwa anthu ambiri zodzazirazi sizisintha kanthu. Alipo ochepa amene thupi lawo limadana ndi utoto wina wake kapena shuga wa mu mkaka amene amaikidwa m'mapiritsi ena, ndipo kwa iwo ndi bwino kuwerenga kapepala ka m'kati mwa kabokosi, pamene zonsezi zimalembedwa.

Kabokosi kapakatikati kaja, ka dzina lachilendo, ndi kamene kamadyera anthu ndalama mosadziwa. Nayenso ndi jeneriki, kungoti wopanga wake wamupatsa dzina la malonda, kabokosi kokongola, ndi anthu oyenda m'zipatala kukopa madokotala kuti azilemba dzinalo. Mayeso amene anadutsa ndi omwe aja anadutsa wa kabokosi koyera. Nthawi zina fakitale imodzi imapangira makampani angapo, aliyense n'kumaika m'kabokosi kake. Ngakhale makampani otulukira mankhwala amatha kutulutsa piritsi lawo lomwelo pa dzina lenileni ndi mtengo wotsika, pofuna kuti msika wa majeneriki usawadutse.

Tsopano tibwere ku nkhani ya njira, imene imafotokoza chifukwa chake kabokosi kamodzimodzi kamasiyana mtengo. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, ofuna kuonetsa m'mene mtengo umakwerera.

Tinene kuti kabokosi ka mapiritsi 30 katuluka mufakitale pa mtengo wa 100. Kuti kawoloke nyanja ndi malire pafunika kulipira mayendedwe, inshuwalansi ndi zolipira zina za pachipata, ndipo kafika pa 115. Kampani yoitanitsa mankhwala, imene inalipiranso kuti mankhwalawo alembetsedwe m'dzikomo ndipo imasunga katundu m'nyumba zosatentha, ikaonjezapo 20 peresenti kakhala 138. Wogulitsa mopikulitsa akaikapo 15 peresenti kafika cha pa 159. Famase yaing'ono imene imapikula timabokosi tochepa kwa iyeyu, yokhala pamalo a lendi yodula, yotsegula mpaka usiku, ikaika 40 peresenti, inu mulipira cha pa 222.

Famase ina ili ndi nthambi zambiri, ndipo imagula makatoni ambiri mwachindunji kwa woitanitsa uja, osadzera kwa wopikulitsa. Chifukwa chogula zambiri ndi kulipira msanga amaichotsera 10 peresenti, ndiye kabokosi kaja imakapeza pa 124. Popeza imagulitsa kwa anthu ochuluka, 30 peresenti imaikwanira, ndipo mtengo wake ndi 161. Kabokosi ndi komweko, fakitale ndi yomweyo, mwina ngakhale tsiku lopangidwa ndi lomwelo, koma kuno 222, uko 161. Taonani kuti aliyense amawerengera peresenti yake pa mtengo umene wapeza utakwera kale, osati pa 100 woyamba uja. Choncho dzanja limodzi likachoka panjira, kapena mtengo ukasintha pang'ono koyambirira, pofika kwa wodwala kusiyanako kumakhala kutakula.

M'mayiko amene amaitanitsa mankhwala kunja muli chinthu chinanso. Ndalama ya dziko ikagwa mphamvu moti ndalama yakunja yakwera ndi 25 peresenti, kabokosi kamene kanali 222 kafika cha pa 278 m'famase imene yangolandira katundu watsopano, pamene yoyandikana nayo ikugulitsabe katundu wakale pa mtengo wakale. Mwezi wotsatira zimatha kutembenuka. Katundu akatsala miyezi yochepa kuti athe ntchito, mwini famase amatsitsa mtengo kuti asadzataye. Mankhwala akasowa pamsika, amene ali nawo amakweza. Mayiko ena anaika malamulo ochepetsa kusiyanaku: South Africa kuyambira mu 2004 imalamula wopanga kugulitsa mankhwala ake pa mtengo umodzi kwa mafamase onse a payekha, ndipo imaika malire pa ndalama imene famase ingaonjezepo, pamene India imaika mtengo wosayenera kupitirira pa mankhwala ofunika kwambiri. Kumene kulibe malamulo otere, mwini famase aliyense amaika yekha mtengo.

Pali mfundo ina imene wogula ayenera kuidziwa, ngakhale si yokoma. Ngati famase imapeza 30 peresenti pa chilichonse, kabokosi ka 1,000 kamaipatsa 300, pamene ka 100 kamaipatsa 30 yokha. Sindikunena kuti a m'mafamase ndi akuba, ambiri amagwira ntchito yawo mwachilungamo ndipo amakuuzani okha kuti pali wotchipa. Koma munthu akabwera n'kutchula dzina la malonda, kapena dokotala akalemba dzinalo pa pepala, wogulitsa alibe chomukakamiza kutulutsa kabokosi kotchipa. Choncho pemphani dokotala kuti alembe dzina lenileni la mankhwala, ndipo pa famase funsani kuti, "Amlodipine wa 5 mg muli naye wa makampani angati, ndipo mitengo yake ndi yotani?" Poyerekeza mitengoyo muziwerengera piritsi limodzi. Kabokosi ka mapiritsi 28 ka 160 kamaoneka kotchipa kuposa ka mapiritsi 30 ka 165, koma mukagawa, koyambako piritsi likudya 5.7 pamene kachiwiriko ndi 5.5. Kugula kapaketi ka mapiritsi 10 pa 70 kumapepuka m'thumba tsikulo, koma piritsi lililonse mwalipira 7, ndipo pa mankhwala omwa chaka chonse zimenezi zimaunjikana.

Zonse ndanenazi zikugwira pa jeneriki amene analembetsedwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala la dziko limene mukukhala, wogulidwa pamalo a chilolezo. Mankhwala achinyengo ndi osapangidwa bwino ndi nkhani ina, ndipo ndi yoopsa. Mu 2017 WHO inanena kuti m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati, pafupifupi mankhwala amodzi mwa khumi aliwonse amakhala osafika pa muyezo kapena achinyengo. Mu 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira ku Gambia, ndipo imfa zawo zinalumikizidwa ndi mankhwala a chifuwa amadzi amene munapezeka poizoni woononga impso. Mu 2013 kampani yaikulu ya majeneriki ya Ranbaxy inavomera milandu ku Amereka yokhudza kapangidwe ka mankhwala ndi kunama pa zotsatira za mayeso, n'kulipira madola 500 miliyoni. Choncho munthu wokayikira majeneriki sakungolota. Koma kudula kwa mankhwala sikukutetezani ku zimenezi, chifukwa opanga achinyengo amakonda kutengera mayina odziwika ndi odula omwewo, poti ndimo muli phindu. Chimene chimateteza ndi malo ogulako ndi maso anu. Kabokosi kabwino kamakhala ndi dzina ndi adiresi ya wopanga, nambala ya gulu la mankhwala opangidwa pamodzi, tsiku lopangidwa ndi lothera ntchito, ndipo nambala ndi tsiku zimene zili pa kabokosi zifanane ndi zimene zadindidwa pa kapaketi ka m'kati. Zilembo zolakwika, zofufutika, mapiritsi onyenyeka, osiyana mtundu m'kapaketi kamodzi kapena omatirana ndi chinyezi, zonsezi ndi zifukwa zobwezera mankhwalawo. Mtengo wotsika kwambiri kuposa majeneriki ena onse nawonso ndi wofunsa.

Mukasintha kuchoka ku Norvasc kupita ku jeneriki, pali njira yosavuta yodziwira ngati zili bwino, chifukwa bipi imayezeka. Amlodipine amachedwa kutuluka m'thupi, moti mlingo wake m'magazi umakhazikika pakatha masiku 7 kapena 8. Yezani bipi kangapo musanasinthe, pa nthawi imodzimodzi ya tsiku, mutakhala pansi n'kupuma kaye, kenako muyezenso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Manambala akakhala pafupifupi omwewo, ndiye kuti mankhwala akugwira. Kuyeza kamodzi kokha sikunena zambiri, poti bipi imakwera ndi kutsika yokha malinga ndi tulo, nkhawa ndi mchere. Kutupa mapazi, kumene ena amakuona ngati umboni wakuti jeneriki ndi woipa, ndi vuto lodziwika la amlodipine wa kampani iliyonse, makamaka pa 10 mg.

Ngozi imene imachitika kawirikawiri pa kusinthaku si ya kufooka kwa mankhwala, koma kumwa kawiri. Agogo amene anazolowera piritsi la maonekedwe ena, mwana akawagulira la maonekedwe ena pa dzina lina, angaganize kuti dokotala waonjezera mankhwala atsopano, n'kumamwa onse awiri. Akatero akumwa 10 mg m'malo mwa 5 mg, ndipo zizindikiro zake ndi chizungulire poimirira, kufooka, mutu ndi mapazi otupa. Aliyense wogulira munthu wachikulire mankhwala ayale timabokosi tonse pamodzi n'kuwerenga dzina lenileni pa kalikonse. Dzina limodzi likaoneka kawiri, abwerere kukafunsa asanamwetse.

Zilembo zotsatira dzina nazonso zili ndi tanthauzo. SR, XR, MR kapena retard zimasonyeza piritsi lopangidwa kuti lizitulutsa mankhwala pang'onopang'ono. Metformin wamba ndi metformin XR, kapena nifedipine wamba ndi wa pang'onopang'ono, samwedwa mofanana ngakhale mamiligalamu atafanana, ndipo wotchipa mwa awiriwo salowa m'malo mwa mnzake popanda dokotala kudziwa.

Kenako pali gulu laling'ono la mankhwala amene mpata wa pakati pa mlingo wochiritsa ndi mlingo wovulaza ndi wochepa kwambiri, moti kusintha kwakung'ono m'magazi kumamveka m'thupi. M'gululi muli warfarin woletsa magazi kuundana, levothyroxine wa chithokomiro, lithium wa matenda a maganizo, digoxin wa mtima, mankhwala a khunyu monga phenytoin ndi carbamazepine, komanso tacrolimus ndi ciclosporin amene amamwa anthu oikidwa impso ya munthu wina. Pa mankhwala otere ku Ulaya malire aja amawapanikiza kufika pa 90 mpaka 111 peresenti. Ku France mu 2017, kampani yopanga levothyroxine wa dzina la Levothyrox itasintha zodzazira za piritsi lake lomwe, odwala zikwizikwi anadandaula za kutopa, chizungulire ndi kuthothoka tsitsi, ngakhale dzina pa kabokosi silinasinthe. Izi zikusonyeza kuti chovuta pa mankhwala amenewa ndi kusinthasintha, osati kukhala jeneriki. Wodwala khunyu amene wakhazikika pa jeneriki wa kampani ina akhale pa yemweyo, ndipo kumusamutsira ku wodula wa kampani yoyamba nakonso ndi kusintha kofunika kusamala. Ngati kampani imene anazolowera yasowa, kapena mtengo wake wafika posatheka, asinthe mogwirizana ndi dokotala: wa warfarin ayezetse INR, muyezo woonetsa m'mene magazi akuundanira, m'masiku otsatira, wa levothyroxine ayezetse TSH, muyezo wa m'magazi woonetsa ngati mlingo wa mankhwala a chithokomiro uli bwino, pakatha masabata 6 mpaka 8, ndipo wa khunyu ndi achibale ake ayang'anitsitse ngati kugwa kwayambiranso kapena ngati pabwera tulo tambiri ndi kudzandira.